Zilembo Zachikasu pa Kanema wa Babashopu

Amuna anga anayamba kumeta anthu chaka chimene anachotsedwa ntchito kocheka matabwa. Matipate anali atangolowa kumene, makampani ambiri ankachepetsa antchito, ndipo iwo anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti akapume. Ndalama yotsanzikana nayo anagulira mashini ometera a magetsi, galasi lalitali, ndi mpando wa m'basi yakufa umene anaukhomera pa thabwa lolimba. Tinachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale ina pa Boma ku Dedza, kufupi ndi msika. Eni golosaleyo anali bambo wachisilamu, wosachulutsa mawu, amene analinso ndi holo yoonetsera kanema pambali pa nyumba yomweyo. Ine ndinkagulitsa kachewere ndi nsawawa pakhonde, mwana ali kumsana, choncho zonse zochitika m'babashopumo ndinkaziona ndi maso anga.

Zaka zoyambirira tinkangokwawa. Pakati pa sabata amuna anga ankakhala pampando wometera uja okha, n'kumapukuta mashini amene anali oyera kale. Koma likafika Loweruka, anthu ankabwera ngati apangana. Akumudzi ankatsika ndi njinga chifunga chisanachoke paphiri, ana asukulu ankabwera ndi amayi awo, ogwira ntchito m'maofesi nawo tsiku lawo linali lomwelo. Benchi inkadzaza, ena n'kukhala pa matumba anga a kachewere. Ndiye panali mikangano iwiri imene sinkatha: woyamba kufika ndani, ndipo mtengo ndi zingati. Aliyense ankati mnzake wa dzulo analipira zochepa. Amuna anga ndi munthu wamanyazi, sankatha kukana. Munthu wa tayi akangoima pakhomo n'kuyang'ana wotchi yake, iwo ankamuloza mpando.

Amene anatitsegula maso anali atsibweni anga a ku Mphunzi, mlongo wawo wa mayi anga. Anali munthu wamtali, wodziwa kudzisamalira, ndipo ndi iwo amene anayamba kubweretsa amuna a kumudzi kwathu kudzameta kwa mkamwini wawo. Loweruka lina anafika m'mamawa chifukwa mawa lake ankakaimira ukwati. Anadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Kawiri konse anadumphidwa ndi anthu a tayi. Atakhala pampando, mashini atangodutsa mbali imodzi ya mutu, magetsi anazima. Tinadikira, osayaka. Amuna anga anafuna kumalizitsa ndi sizasi, koma atsibweni anangoimirira, kudziyang'ana pagalasi, n'kuvala chipewa.

"Akamwini, ine ndapalasa njinga kuchokera kutali," anatero mosakweza mawu. "Mukanandiuza kuti ndibwere nthawi yakuti, bwenzi ndili kwathu."

Tsiku limenelo amuna anga anadya pang'ono. M'mawa mwake anatenga chidutswa cha pulayiwudu, kuchipaka utoto wakuda, n'kugawa maola a Loweruka ndi choko, kuyambira 7 koloko mpaka madzulo. Mutu umodzi unkawatengera mphindi pafupifupi makumi awiri, ndiye pa ola lililonse anasiya mipata itatu. Munthu azibwera pakati pa sabata, kapena kutuma mnzake, dzina lake lilembedwe pa ola limene wasankha. Nzeru inali yabwino, koma bolodilo linali m'kati mwa kachipinda ka kuseri, ndipo ankaliona ndi okhawo amene afika kale pa Loweruka pomwepo.

M'miyezi yomweyo kunabwera mwana wa mlongo wawo wa eni golosale kuchokera ku Joni. Anabwera ndi kamera ya kanema yokwana m'dzanja limodzi, ndipo anayamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Tonse tinkangomutchula kuti wakamera. Tsiku lina akumetedwa, anaona bolodi lija n'kufunsa ntchito yake. Atamva, anaseka.

"Achimwene, mwabisa nyale m'dengu. Anthu onse amene mukuwafunawo amakhala m'holo ya amalume masana alionse. Ndikujambuleni kakanema kafupi, tizikaonetsa filimu isanayambe. Mitengo ilembedwe pomwepo, kasungitsidwe ka malo pomwepo. Inu muzingondimeta."

Nthawi imeneyo wailesi ya kanema inali isanafike kwathu. Kanema amene tinkamudziwa anali wa m'holo, wa sikirini yoikidwa pamwamba pa kabati ndi deki ya matepi akuluakulu. Kuganiza kuti amuna anga angaoneke pa sikirini yomwe pamaoneka anthu omenyana aja kunandiseketsa mpaka misozi. Koma eni golosale anavomera. Anati babashopu ikayenda bwino, golosale nayo igulitsa sopo ndi mafuta odzola.

Wakamera anatifotokozera mmene mawu amalowera pa chithunzi. Umalemba zilembo zakuda, zonenepa, pa pepala loyera. Kamera imayang'ana pepalalo, iwe n'kudina batani, ndipo imasunga zilembozo m'mutu mwake, kuyera kwa pepala n'kukutaya. Kenako ukamajambula munthu, umadina batani lina, zilembo zija n'kutulukira pamwamba pa chithunzi mu mtundu umene wasankha. Kamera yakeyo inkasunga mapepala awiri okha. Ndipo zikalowa pa tepi zalowa. Ukafuna kusintha liwu limodzi, uyenera kujambulanso.

"Ndiye mawu akhale ochepa," anatero. "Zilembo zing'onozing'ono wa kumbuyo kwa holo saziona. Ndani amalemba bwino pano?"

Amuna anga anandiloza. Sukulu ndinalekera Fomu 2 chifukwa cha fizi, koma dzanja langa linali labwino. Kutchalitchi ndine ndinkalemba nyimbo za kwaya pa mapepala akuluakulu. Eni golosale anandipatsa makalendala akale kuti ndilembe kuseri kwake, ndi cholembera chakuda chimene ankalembera pa makatoni.

Pepala la mitengo silinavute kulemba, linavuta kugwirizana. Amuna anga ankafuna tisiyeko mpata wa achibale ndi osauka. Ine ndinati mpatawo ukhale mumtima mwawo, osati pa sikirini. Tinalemba mizere inayi: MPALA K8, TEBULO KATI K12, ANA K5, NDEVU K3. Pepala lachiwiri ndilo linanditayitsa makalendala. Poyamba ndinalemba kuti OFUNA KUMETA BWERANI LOWERUKA. Wakamera atawerenga anagwira pakamwa.

"Alamu, ine ndine wa kumzikiti, koma ndakulira kuno. Mukufuna anthu aziti amalume atsegula dambwe kuseri kwa golosale?"

Tinaseka tonse. Kwathu kuno munthu akati wameta, kawirikawiri sanena za tsitsi, amanena za kulowa gule. Ndinayesa SUNGITSANI MALO, amuna anga anati zikumveka ngati za mabenchi ogulitsira mumsika. Pomaliza tinakhazikika pa mizere itatu: LOWERUKA OSADIKIRA. LEMBETSANI DZINA LANU. KUSERI KWA GOLOSALE. Tonse tinaona kuti ndi mawu omveka, aulemu.

Tinajambula Lachiwiri m'mawa, dzuwa likulowa bwino pakhomo. Pampando panakhala telala wa pafupi nafe, atakulungidwa nsalu yoyera ija ya ometa. Wakamera atayesa zilembo zoyera, zinasowa m'nsaluyo. Zofiira ndi zabuluu zinamira mu mdima wa m'chipinda. Anayesa zachikasu, zinaoneka. "Ngakhale m'mafilimu ambiri mawu amakhala achikasu," anatero. Tinatsegula wailesi kuti kumveke nyimbo, amuna anga n'kumameta mosayang'ana kamera, khosi lili gwa. Madzulo ake wakamera analumikiza kamera ku deki ndi chingwe, n'kukopera zonse pa tepi yaikulu.

Tsiku loyamba kuonetsa ndinaima kumbuyo kwa holo, pafupi ndi chitseko. Amuna anga ataoneka, anyamata anakuwa, kuimba mluzu, ena kumenya mabenchi. Kenako zilembo zanga zinatulukira, zazikulu kuposa mmene ndinazilembera, ndi mchira wa K uja umene ndimaupinda mwanjira yanga. Sindinauze munthu, koma ndinabweranso mawa lake kudzangoona zomwezo.

Sabata imeneyo anthu a pa Boma anayamba kubwera kudzalembetsa. Aphunzitsi, makondakitala a minibasi, anyamata a mumsika. Za mitengo mkangano unatha, munthu akayamba kunenerera, anzake a pabenchi ndi amene ankamuyankha kuti, "Simunaone pa kanema?" Tinakondwa kwambiri moti panapita masabata awiri tisanazindikire kuti pakhonde sipakutsamiranso njinga. Amuna a ku Mphunzi sankabwera. A cha ku Kabwazi, amene ankakonda kumeta akagulitsa nyemba, nawonso zii. Amuna anga anati mwina ali kokumba kachewere. Ine sindinakhulupirire, chifukwa anthu omwewo ndinkawaona akudutsa pamsewu, nkhope atayang'ana kwina.

Loweruka lotsatira ndinalowa mumsika kukagula mchere, ndipo ndinawaona atsibweni. Anali atakhala pa chitsa pansi pa mtengo, mkulu wina wometa ndi lumo akuwapala m'mutu, mphepo yozizira ija ikuwomba. Ndinapita n'kugwada pambali.

"Mwaswera bwanji, atsibweni?"

"Ndaswera, kaya iwe ndi mwana."

"Tili bwino. Koma mwatitaya. Kodi ndi za magetsi zija? Takonza, tsopano munthu amasankha ola lake."

Anakweza dzanja kuti wometayo ayambe waima. Anandiyang'ana, theka la mutu lili ndi thovu la sopo.

"Mwana wa mlongo wanga, za magetsi ndinaiwala kale. Ndiuze zoona. Amuna ako alowa chipani?"

Chinali chaka chimene tinkayembekeza kuvota kachiwiri, ndipo kalembera wa ovota anali m'kati. Pa wailesi, m'matchalitchi, pa zipupa za sukulu, liwu linali limodzi: kalembetseni. Mtundu uliwonse wa nsalu unali ndi eni ake. Munthu ukavala nsalu yachikasu, yobiriwira kapena yabuluu, anthu ankadziwa kale kumene waima. Ife tonse anayi, ine, amuna anga, wakamera ndi eni golosale, tinayang'ana zilembo zija kangapo konse, koma palibe anaganizako zimenezo. Tinkangoona tsitsi.

"Anyamata anaona kanema wanuyo," anapitiriza atsibweni. "Akuti zilembo zachikasu, zikuti lembetsani dzina kuseri kwa golosale. Kumudzi nkhani ili ponseponse. Akuti ukalembetsa pamenepo, voti yako yapita kale, tsiku lovota ukapeza wina wakuvotera. Ena akuti n'chifukwa chake mitengo yake ndi yotsika. Ine ndinakhalapo masiku a makadi a chipani, mwanawe. Ndinaona dzina la munthu likalembedwa pa pepala losadziwika mwini wake, zimene zinkatsatira. Langa ndalembetsa kamodzi, kusukulu kovotera. Kwina ayi."

Ndinayamba kufotokoza za bolodi ndi choko, mawu akuthamangitsana. Iwo anapukusa mutu.

"Iwe ndikukukhulupirira. Koma sungayende khomo ndi khomo kufotokoza. Kanemayo akulankhula tsiku lililonse iwe kulibe."

Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akamaliza kumetedwa abwere adzamuone okha kanemayo. Sanalonjeze. Ndinabwerera pakhonde ndilibe mchere, n'kuwaitana amuna anga panja, munthu ali pampando. Atamva, anakhala pa thumba la kachewere. Anati tingochotsa tepiyo, tibwerere ku zakale. Eni golosale, amene anamva zonse ali pakauntala, anatuluka. Nkhope yawo inali yolemera, chifukwa mphekesera imeneyi inkakhudza iwo kuposa ife. Anthu ankaganiza kale kuti Msilamu aliyense ali mbali ya chipani chachikasu.

"Mukaichotsa mwakachetechete, azidzati tagwidwa," anatero. "Ine ndagulitsa mchere kwa anthu a ku Mphunzi kuyambira bambo anga ali moyo. Sindinafunsepo munthu kuti avotera ndani. Akuluwo akabwera, holo ndi yawo."

Anabwera, dzuwa litapendeka, akukankha njinga. Eni golosale anawalandira ndi manja awiri, anawayikira mpando wa ndalema pakati pa holo, oonera filimu ya masana atatuluka, n'kuwapatsa tiyi wamkaka. Wakamera anaika tepi. Atsibweni anali asanalowepo m'holo ya kanema. Ataona mkamwini wawo pa sikirini anamwetulira pang'ono osafuna. Zilembo zitatuluka anawerama, milomo ikuyenda, koma asanamalize mzere woyamba zinali zitachoka.

"Bwezani," anatero. Wakamera anabweza tepi. Zinawathawanso.

"Izi mwalembera aphunzitsi," anatero atsibweni. "Ife a sukulu ya kwacha timawerenga ngati tikuwoloka mtsinje pa miyala. Amene anabweretsa nkhani kumudzi anagwira mawu awiri okha, lembetsani ndi dzina, ndi mtunduwo. Ndiwerengere iwe."

Ndinawerenga zonse. Atamva, anatembenukira kwa amuna anga.

"Akamwini, dzina langa mukulifuniranji? Mukumeta dzina kapena mutu?"

"N'kuti ndidziwe kuti ola limeneli ndi la uje, atsibweni."

"Kuchigayo amandilemba dzina? Ndimaika thumba pamzere, thumbalo n'kumandiimira."

Amuna anga anadzuka, kupita kuseri, n'kubwera ndi tizidutswa ta paini timene ankasonkhera mbaula. Anati adula timatabwa tating'ono, taboole, kalikonse akawotche ndi msomali wamoto nambala ya ola lake. Pabolodi pachoke choko, pakhomedwe misomali, ola lililonse misomali itatu. Munthu azibwera tsiku lililonse, kapena kutuma wa njinga, atenge kathabwa ka ola limene akufuna, adzabwere nako Loweruka. Msomali ukakhala wopanda kanthu, ndiye kuti malowo atengedwa. Wochedwa adikire mpata. Magetsi akazima, kathabwa sikafa, mwini wake ayambe ndi iye akayaka.

"Nanga wina akapita nako osabwerera?" anafunsa wakamera.

"Paini ndi wosowa ku Dedza?" anayankha amuna anga. Aka kanali koyamba kuseka tsiku limenelo.

Ndinatenga kalendala ina pomwepo, ndinagwada pansi pa simenti ya m'holo, n'kuyamba kulemba. Mzere uliwonse ndinkawawerengera atsibweni, iwo n'kumandiuza mmene ukamvekere kumudzi. TENGANI NAMBALA anakana. Anati nambala ndi za ku chipatala ndi kundende. Liwu loti ULERE anati likhalepo, chifukwa anthu adzaganiza kuti kathabwako n'kogula. Ine ndinkafuna kusiya za maina osazitchula n'komwe, koma eni golosale anati bala limapola likaonedwa ndi mphepo, tinene poyera. Malo a papepala anali ochepa, ndiye KUSERI KWA GOLOSALE tinachotsa. Wakamera anati ayambira kujambula pamsewu, kuyenda ndi kamera mpaka pakhomo pathu, anthu aone okha njira. Pomaliza panatsala izi: SANKHANI OLA LA LOWERUKA. TENGANI KATHABWA, N'KAULERE. SITIFUNSA DZINA.

Za mtundu, wakamera anayamba kutchula imene kamera yake inali nayo, ndipo uliwonse wina ankaupezera mwini. Unatsala woyera, umene unkasowa m'nsalu ya ometa. Ndinati vuto si zilembo, ndi nsaluyo. Kunyumba ndinali ndi nsalu yakhofi yopanda maluwa imene ndinkafunditsa mwana. Tinaiyesa pa mapewa a amuna anga, zilembo zoyera zinaoneka ngati ufa pa mphasa.

"Ndipo wailesiyo muzimitse," anatero atsibweni. "Mwana wa mlongo wangayu aziwerenga mokweza, pang'onopang'ono, mawu asachoke mpaka atamaliza. Wosawerenga amve ndi makutu."

Wakamera anafunsa kuti pampando pakhala ndani. Telala uja anali atanena kale kuti safunanso, anzake ankamuseka. Tonse tinayang'ana atsibweni. Iwo anasisita mutu wawo umene unali utangopalidwa kumene ndi lumo.

"Pano palibe chometa. Koma ndevu zilipo. Ndibwera Lachitatu."

Anabweradi, atavala jekete la ku ukwati, ali ndi anzawo awiri amene anati angowaperekeza. Wakamera anayambira pamsewu, kudutsa pagolosale, kufika pakhonde pomwe panali kachewere wanga. Anajambula dzanja la atsibweni likuchotsa kathabwa pa msomali wa 9 koloko, kenako iwo akukapereka kwa mkamwini wawo n'kukhala pampando. Ine ndinaima kumbuyo kwa kamera. Wakamera akandigwedezera mutu, ndinkadziwa kuti zilembo zatuluka, n'kuyamba kuwerenga. Ulendo woyamba mwana wathu wamng'ono analira kumsana. Wachiwiri atsibweni anayetsemula, tsitsi la ndevu litawalowa m'mphuno. Wachitatu zinayenda. Ndinawerenga mitengo mmodzimmodzi, ndinapuma, n'kuwerenga za kathabwa kawiri. Anzawo aja anatuluka aliyense ali ndi kathabwa m'thumba la malaya.

Sindinganene kuti onse anabwerera nthawi yomweyo. Ena anadikira mpaka mavoti atadutsa, n'kuona kuti palibe amene anawavotera. Mkulu wina wa kumudzi kwathu sanabwerenso mpaka imfa yake, ndipo akakumana ndi amuna anga pamaliro ankangowapatsa moni wa pakamwa. Koma Loweruka loyamba kanema watsopano ataonetsedwa, ndinasuntha matumba anga kuti njinga zipeze potsamira. M'holo, ana ankawerengera limodzi ndi mawu anga, mpaka ena ankandikuwira mumsika kuti, "N'kaulere!" Kondakitala wina wa minibasi anayamba kutengera timatabwa anthu a m'njira yake. Atsibweni ankati kumudzi anthu ankachita kupangana ulendo wa ku Boma kuti akawaone pa sikirini, ndipo iwo ankadandaula kuti wakamera anawajambula mbali yoipa ya nkhope.

Ndalama itagwa mphamvu tinakweza mitengo, n'kujambulanso gawo la mitengo lokha. Pamenepo ndinali nditazolowera, moti wakamera anayamba kunditenga kuti ndizimulembera mawu a pa matepi a maukwati. Ankandipatsa kangachepe, ndipo ndinkasunga.

Vuto latsopano linali lakuti pofika Lachinayi misomali yonse inkakhala yopanda kanthu. Amayi obwera ndi ana Lachisanu ankabwerera manja ali m'khosi. Tsiku lina ndinamasula kansalu kanga, ndinaika ndalama za maukwati zija patebulo, n'kuwauza amuna anga kuti akagule mashini achiwiri.

"Ndiye tilembe munthu wina ntchito?" anafunsa.

"Munthuyo alipo kale. Zaka zonsezi ndakhala pakhonde ndikuona mmene mumachitira."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana manja anga.

"Mayi wometa amuna, pa Dedza pano? Anthu adzati chiyani?"

"Ndiyamba ndi ana. Ana sanena kanthu."

Anapita ku Lilongwe pa minibasi ya m'mawa, n'kubwera ndi mashini ofiira m'kabokosi. Anandiphunzitsa kuthira mafuta pa mano ake, kuwapukuta ndi sipiriti munthu aliyense akachoka, ndi kuyendetsa mashini mopingasa ndi kumene tsitsi lagonera. Tinakhoma mzere wachiwiri wa misomali pansi pa woyamba, wa ana okhaokha.

Woyamba kukhala pa stulu yanga anali kamtsikana ka ku Kabwazi kamene kankayamba sukulu Lolemba lake. Mayi ake anaima pafupi, akuyang'ana dzanja langa mosaphethira. Ndinayamba kumbuyo kwa khosi, pang'onopang'ono. Kamwanako kanatseka maso mashini atalira, kenako kanatsegula limodzi n'kundiyang'ana pagalasi.

"Sizikupweteka," kanauza mayi ake.

Mayiwo anamasula manja, anakhala pabenchi, n'kundifunsa ngati Loweruka linalo kudzakhale malo a anyamata awo awiri.